Maliro anali enieni, nambala inali ya wakuba

Ndine msungichuma wa kagulu kathu ka chisoni ka amayi ogulitsa kaunjika mumsika wa Kasungu. Tilipo 46, timasonkha K2,000 pamwezi, ndipo zovuta zikagwa pakhomo pa mmodzi wa ife timatapa m'thumbamo. Ndalama ikasochera, wofunsidwa ndine.

Linali Lachiwiri m'mawa, ndisanamasule n'komwe belo, pamene uthenga unagwa pagulu lathu la WhatsApp. Unkati mayi ake a Nabanda, mnzathu wa benchi la kumapeto, amwalira usiku kuchipatala cha boma, thupi lakanizidwa kutuluka mpaka bilu ya K280,000 italipidwa, ndipo achibale akufuna thandizo isanakwane 12 koloko. Panali chithunzi cha gogoyo atavala yunifomu ya chigwirizano, ndipo m'munsi munali nambala ya Airtel Money. Nabanda anali atatseka benchi lake kwa masabata awiri akudwazika mayi akewo, choncho palibe anakayika. Mauthenga a "pepani" anayamba kugwa ngati matalala. Wapampando anandiimbira: "Asungichuma, tapani K60,000 mutumize msanga."

Ndinati ndamva, koma sindinatumize. Chinandigwira dzanja ndi mawu aang'ono pamwamba pa uthengawo akuti `Forwarded`. Amene anauponya pagulu sanaulembe yekha. Ndinamuimbira. Anati anautenga pagulu la kumpingo kwawo. Amene anauika kumeneko ndani? Sakumudziwa bwino, nambala yake alibe m'foni. Ndiye kuti pa anthu 46 panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamva za bilu ndi nambalayo kuchokera pakamwa pa wofedwa.

Chachiwiri chinali biluyo. Aliyense amene anadikirirapo matenda kuchipatala cha boma amadziwa kuti kuwodi wamba salipiritsa bedi kapena chithandizo. Ndalama zimapita ku chakudya cha wodikirira, mankhwala amene mwauzidwa kukagula kufamase, ndipo munthu akamwalira zimapita ku bokosi, galimoto, nthawi zina mankhwala oumitsa thupi. Kumene bilu imakhalapo ndi kuwodi yolipira, kuzipatala za mishoni zimene zili pansi pa CHAM, monga cha Nkhamenya kapena cha St Andrew's ku Mtunthama, ndi kuzipatala za anthu abizinesi. Uthenga ukanati gogo anagonekedwa kumishoni, K280,000 sikanandidabwitsa. Koma unati "chipatala cha boma", osatchula wodi, osaonetsa pepala lililonse la biluyo. Nkhani ndi malo ake sizinkagwirizana.

Ndinaimbira Nabanda panambala yake imene ndakhala nayo zaka zonse. Inali yozima. Izi sizinanditsimikizire kanthu, chifukwa wofedwa sakhala ndi mutu wa kutchaja foni. Apa m'pamene akuba amadyera: amadziwa kuti tsiku la maliro mwini nkhani sapezeka, ndipo ena onse amachita manyazi kufunsa mafunso.

Ndiye ndinayesa nambala ija. Ndinayimba *211#, ndinasankha kutumiza ndalama, ndinalemba nambalayo ndi K100 yokha. Musanaike PIN, foni imakuonetsani dzina limene nambalayo inalembetsedwa, chifukwa masiku ano simukhadi imalembetsedwa ndi chitupa cha unzika. Pa Mpamba mumalowera pa *444#, ndipo ngati simukudzidalira, ejenti aliyense angakuwerengereni dzinalo. Linatuluka dzina la mwamuna, la mfunda wosiyana ndi wa Nabanda komanso wa amuna awo. Ndinabwerera osaika PIN.

Koma ndinene chilungamo, dzina lachilendo palokha si umboni wa kuba. Kumudzi anthu ambiri amalandirira ndalama panambala ya mlamu, ya mdzukulu kapena ya ejenti wapagolosale. Ineyo ndinalandirirapo chipepeso panambala ya mphwanga. Dzinalo limangokupatsani funso loti mukafunse abale: munthu uyu ndi ndani kwa inu?

Ndinaimba nambalayo. Osati kulemba, kuimba, chifukwa polemba munthu amakhala ndi nthawi yoganiza bodza. Anayankha mwamuna wa mawu ofatsa, ngati wotopa ndi kulira. Anati ndi mchimwene wa Nabanda. Ndinapepesa monga mwa mwambo, kenako ndinafunsa kuti mwambo ukachitikira kuti. Anayankha bwinobwino kuti ku Chamama, ndipo n'zoona, kwawo kwa Nabanda ndi kumeneko. Ndinafunsa mudzi ndi dzina la mfumu. Anati mutu wake sukuyenda, ndimukhululukire. Munthu angaiwale zambiri pachisoni, koma osati mfumu ya mudzi wake, pakuti manda sakumbidwa mfumu isanauzidwe, ndipo amene amapita kukanena ndi abale aamuna omwewo.

Kenako ndinatchera msampha wanga. Ndinati: "Nanga bambo aja apirira bwanji, pajatu nawonso miyendo imawavuta?" Iye anati: "Aaa, akungolira, sakudya." Bambo ake a Nabanda tinawaika zaka zinayi zapitazo, ndipo ine ndinagona nawo pasiwa. Funso lokhala ndi bodza mkati limagwira bwino kuposa funso lolunjika. Mukafunsa molunjika, wakuba amazemba. Mukamupatsa bodza, amalivomera kuti akusangalatseni.

Sindinamuonetse kuti ndamugwira. Ndinati ndili pafupi, ndikwera kabaza ndibwere ndi ndalamazo kumochale, tikalipire limodzi kuti nditenge lisiti la gulu. Mawu anasintha. Anati iye watuluka kukafuna galimoto, amene ali kuchipatala alibe foni, nditumize basi nthawi ikutha. Wovutika weniweni ukamuuza kuti ndikubwera ndekha amathokoza. Amathanso kukuuza kuti kalipireni kwa kalipentala mwachindunji, kapena bweretsani ufa ndi nkhuni. Wokana njira zonse kupatula ya pafoni ndiye woti mumuope.

Pamenepo ndinalemba pagulu mawu ochepa: "Amayi, aliyense asatumize kaye panambala ija mpaka ndilankhule ndi abanja." Sindinalembe kuti maliro ndi abodza, ndipo ndikuthokoza kuti sindinatero. Ena anandinena kuti ndine wouma mtima. Mayi wina analemba kuti ndikuwerengera makobili mnzathu ali m'misozi. Zinandiwawa, koma ndinangokhala chete.

Kuchipatala ndi pafupi, kabaza sanathe mphindi khumi. Sindinapite kukafunsa anamwino za wodwala, chifukwa sapereka nkhani za odwala kwa munthu wongobwera, ndipo akuchita bwino. Ndinapita kumene kumakhala odikirira odwala, kumene amayi amaphikira. Kumeneko nkhani zonse za m'mawodi zimadziwika. Mayi wina amene ankaphika moyandikana ndi Nabanda anandiuza kuti gogo uja anamwaliradi cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo thupi linanyamuka m'mamawa pa galimoto ya matola ya mphwawo. Za bilu anaseka: "Bilu yanji kuno?"

Ndiye malirowo anali enieni. Chithunzi chinali chenicheni. Za ku Chamama zinali zenizeni. Chabodza chinali bilu ndi nambala basi.

Kuti ndifike kwa abanja ndinadzera njira ina yosadutsa pa uthengawo. Ndinaimbira mphunzitsi wina wa ku Chamama amene amandigula majuzi. Iye anatuma mwana wasukulu wa m'mudzimo, ndipo pasanathe ola ndinali kulankhula ndi malume ake a Nabanda, mwini mbumba. Ndinawawerengera dzina lija ndi nambala. Sanalidziwe. Anati uthenga umene abanja anatumiza m'mamawa unali wongodziwitsa za zovuta, wopanda nambala iliyonse, ndipo chithunzicho mdzukulu wina anachiika pasitetasi. Munthu wina anangokopera zonsezo, n'kuwonjezera ndime ya bilu ndi nambala yake, n'kuponya m'magulu. Ntchito ya mphindi zisanu.

Pali achinyamata amene anandiuza pambuyo pake kuti ndikanafufuza chithunzicho ndi Google Lens. Njirayo imathandiza pamene chithunzi chabedwa pa intaneti, monga cha mwana wodwala wa kudziko lina chimene chakhala chikuzungulira zaka zambiri. Pankhani yathuyi sikanagwira kanthu, chifukwa chithunzi chinali chatsopano ndiponso cha munthu woyenera. Kutsimikiza kuti munthu wamwaliradi ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kumva nambala kuchokera kwa wofedwa kapena mwini mbumba, pafoni imene mwaimba inuyo, osati imene yakuimbirani.

Pofika masana tinapeza kuti amayi atatu anali atatumiza kale paokha: wina K15,000, wina K10,000, wina K5,000. Ndinawauza kuti asafufute uthenga wotsimikiza umene umabwera ukatumiza ndalama, chifukwa m'menemo muli nambala ya malondawo, nthawi ndi dzina la wolandira. Tinaimbira kampani ya foni kukanena. Anatifotokozera zimene ndinkayembekezera kale: ndalama ikakhala idakali munambala yolandirayo pamakhala poyambira, koma ikatapidwa kwa ejenti, kubweza kumavuta, ndipo nkhaniyo imafunika apolisi. Wakuba sagoneka ndalama m'foni. Tinapita kupolisi ndi zithunzi za uthenga uja, nambala, ndi mauthenga atatu a ndalama. Kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo kuyambira 2016 palinso lamulo loona za milandu ya pa intaneti ndi pafoni. Anatilembera sitetimenti. Dzina lotuluka pafoni lija nalonso musalithamangire kulilengeza m'magulu kuti ndi la wakuba, chifukwa ena amalembetsa simukhadi ndi chitupa cha munthu wina, ndipo mungaipitse mbiri ya wosalakwa. Ife tinalipereka kupolisi kokha. Pagulu ndinangoika nambalayo ndi mawu akuti abanja sakuidziwa, ndipo ndinapempha mayi amene anauponya uthenga uja pagulu kuti akanenenso kugulu la kumpingo kumene anautenga.

K30,000 ija mpaka lero sinabwere.

Lachitatu m'mawa tinakwera anthu asanu kupita ku Chamama, K60,000 ili mu envulopu m'chikwama changa, pamodzi ndi thumba la ufa ndi shuga. Ndalamazo tinazipereka kwa wolemba chipepeso, anazilemba m'kope, ndipo zinalengezedwa pamaso pa anthu pamodzi ndi za mipingo ndi za mafumu. Nabanda anamva za nambala ija titabwera kumanda. Anangogwira pakamwa. Kenako anafunsa kuti amayi atatu aja ndi ati, kuti akawathokozebe.

Pamsonkhano wa mwezi umenewo tinalemba m'kope la gulu kuti ndalama ya chisoni izituluka pokhapokha awiri a komiti atalankhula ndi wofedwa kapena mwini mbumba, ndipo ngati maliro ali m'boma la Kasungu lomwe lino, izipita pamanja. Tinalembanso nambala yachiwiri ya membala aliyense, ya mbale wa kumudzi, kuti foni ya mwini wake ikazima tikhale ndi poimba. Mayi uja anandinena za makobili ndiye anayamba kupereka yake.