Pamene kopa akumana ndi paipi ya galavanaizi

Ntchito ya sabata ino inali pa nyumba yakale imene mapaipi ake ndi achitsulo chokutidwa ndi zinki, aja timati a galavanaizi. Pamalo ena wina anadulapo n'kulumikiza paipi ya kopa ya mamilimita 22 mwachindunji, ndipo madzi ankadontha pomwepo.

Lolemba tinangofufuza. Kopa anali bwinobwino, koma kumbali ya chitsulo kunali chotupa cha dzimbiri. Titamasula, mazinga anangoyoyoka, ndipo bowo la m'kati linali litatsala longa la pensulo. N'chifukwa chake madzi ankatuluka mofooka kumipopi.

Chimachitika n'chakuti kopa ndi zinki zikakhudzana, madzi n'kumanyowetsa zonse ziwiri, zimasanduka ngati batire. Mphamvu yake ndi yochepa, siifika ndi voti imodzi yomwe ya magetsi, koma imayenda usana ndi usiku. Zinki ndiye amadyeka, ndipo akatha, chitsulo chimalowa m'malo. Kopa sakhudzidwa. Vuto limayambira pamazinga chifukwa powadula zinki amachokapo, khoma la paipi n'kupyapyala. Madzi otentha kapena amchere wambiri amafulumizitsa zonsezi.

Lachiwiri tinatseka madzi, n'kuchotsa paipi yodyekayo mpaka pamene tinapeza chitsulo chabwino, kenaka tinadula mazinga atsopano. Kumanga yuniyoni, chija cholumikizira mapaipi awiri, pamazinga odyeka n'kungotaya nthawi.

Lachitatu ndiye linali la yuniyoni ya dayilekitiriki, imene imalumikiza kopa ndi chitsulo koma osalola magetsi kudutsa pakati pawo. Ili ndi zidutswa zisanu: mutu wachitsulo wamazinga, mutu wa bulasi wowotcherera ku kopa, nati yaikulu, kakolala ka pulasitiki kokhala pansi pa natiyo, ndi raba yokhala pakati pa mitu iwiriyo. Raba imaletsa mituyo kukhudzana, ndipo pulasitiki imaletsa nati kukhudza bulasi. Chimodzi chikasowa, magetsi aja apeza njira.

Kamangidwe kake kamafuna dongosolo. Choyamba muiphwasule yonse. Lowetsani nati ndi kakolala pa paipi ya kopa, muzikankhire kutali ndi moto, ndipo pakati pake mukulungepo kansanza konyowa. Mukaiwala kuzilowetsa musanawotcherere, sizilowanso. Kenaka wotchererani mutu wa bulasi, raba ili pambali, ndipo dikirani uzizire mpaka mutaugwira ndi dzanja. Cholakwa chofala ndi kuwotcherera yuniyoni ili yomanga: pulasitiki imasungunuka m'kati mwa nati, kunja zikuoneka bwino, pomwe zitsulo zakhudzana kale. Pamazinga a paipi yachitsulo kulungani tepi yoyera katatu kapena kanayi motsata mazingawo, n'kumangapo mutu wachitsulo. Pankhope ya yuniyoni sipafunika tepi. Ikani raba, mangani nati ndi dzanja, kenaka muonjezere pang'ono ndi bobojani, ina itagwira mutu wachitsulo kuti usatembenuke. Mukalimbitsa kwambiri, raba imafinyika n'kung'ambika.

Musanatsegule madzi, yezani ndi mita ya magetsi poika waya umodzi pa kopa, wina pa chitsulo. Mita isalire, chifukwa ikalira ndiye kuti magetsi akudutsabe pakati pa kopa ndi chitsulo. Madzi akalowa, chiwerengero chimasokonekera chifukwa madziwo amadutsitsa magetsi pang'ono.

Yathu inalira. Lachinayi linathera kufufuza chifukwa chake, ndipo yuniyoni inalibe mlandu. Chapamtunda pang'ono, mapaipi onse awiri anagona pa chitsulo chimodzi chowagwirira kukhoma, ndiye magetsi ankangoizungulira yuniyoniyo. Titaika zogwirira zokhala ndi raba m'kati, mita inakhala chete. Koma samalani ndi waya wa eti, uja wotsitsira magetsi m'nthaka pakachitika vuto. M'nyumba zambiri mapaipi amadzi amalumikizidwa ku eti, ndipo yuniyoni imadula njira imeneyo. Malamulo a zamagetsi angafune kuti waya udumphe yuniyoniyo, ngakhale kutero kumachepetsa chitetezo chake ku dzimbiri. Imeneyo ndi nkhani ya wamagetsi, pulambala asachotse wayayo payekha.

Pali china chimene yuniyoni singathe. Madzi akadutsa mu kopa amatenga tizidutswa take tosaoneka, ndipo akalowa mu galavanaizi timamatirira pa zinki. Kalikonse kamakhala kabatire pakokha, n'kumaboola paipi kutali ndi polumikizira. Choncho madzi aziyambira mu galavanaizi kupita mu kopa, osati kuchokera mu kopa. Pa nyumbayi mzere wa madzi ozizira unali wolondola, koma wotuluka mu giza unali wotembenuza. Pamenepo yuniyoni ikanangochedwetsa vuto, ndiye Lachisanu tinachotsa chitsulo chotsalacho n'kuika kopa mpaka kumipopi.

Yuniyoni ya mzere wozizira tinaisiya poonekera, osaikwirira m'khoma. M'kupita kwa zaka dzimbiri limatha kuunjikana m'kati mpaka kudumpha raba n'kulumikizanso zitsulozo. Madzi akayamba kufooka kapena nati ikachita mawanga ofiirira, imasulidwe, ipalidwe, aikemo raba yatsopano.