Kangodya ka mabuku m'kalasi langa la Giredi 2

Ndimaphunzitsa Giredi 2 pasukulu ina kunja kwa tauni ya Chipata, ndipo ana ndi ambiri kuposa mabuku. Choncho ndisanagule chilichonse ndinayala mabuku onse pamphasa n'kuwagawa milu itatu. Sindinatsate giredi yolembedwa pachikuto, ndinatsata kuvuta kwa mawu. Mulu woyamba ndi wa zithunzi ndi maphatikizo, wachiwiri wa ziganizo zifupizifupi, wachitatu wa nthano zodzaza tsamba.

Madengu atatu a nsungwi ndinagula kumsika wa Kapata. M'kati ndinayalamo chitenje chakale chifukwa nsungwi zimang'amba mapepala. Ndinawakhazika pathabwa losanjika panjerwa, motalikirako ndi khoma, poti chiswe chikalowa mumangopeza kadothi pachikuto, m'kati mutatha kale.

Ntchito yaikulu inali ya zizindikiro. Mwana amene sanayambe kuwerenga sangathandizidwe ndi mawu okhaokha, ndiye dengu lililonse ndinalipatsa mtundu wake: lofiira la mulu woyamba, lachikasu la wachiwiri ndi lobiriwira la wachitatu. Ndinadula katoni, n'kulembapo dzina la mtunduwo ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumangirira ndi chingwe. Kenaka buku lililonse ndinalimata kapepala ka mtundu womwewo pamsana, n'kulembapo nambala. Apa m'pamene ambiri amadumpha, koma chizindikiro chikakhala padengu pokha, mabuku amasakanikirana sabata isanathe. Buku la nambala 14 la kapepala kachikasu, ngakhale mwana wosadziwa "a" amadziwa kwawo.

Posankha dengu, mwana amandiwerengera tsamba limodzi, ine n'kumapinda chala akakakamira pa liwu. Zala zisanu zikatha tsamba lisanathe, ndimamuuza kuti, "Tayamba watenga mu lofiira, kuno ubwera." Ndimalankhula motsitsa mawu, anzake asamve, chifukwa mwana akachita manyazi sabwereranso pamphasa.

Kubwereka kumachitika Lachisanu, kubweza Lolemba m'mawa tisanayambe phunziro. Popeza mabuku sakwanira, gulu limodzi lokha la ana ndilo limatenga sabata imeneyo, linalo sabata yotsatira. M'kope lobwereketsera ndinajambula mizere inayi: tsiku, dzina, nambala ya buku ndi malo ochonga. Ana awiri odziwa kulemba bwino ndiwo amalemba, ine ndimangoyang'anira. Buku limapita kunyumba lili m'pepala lapulasitiki la shuga, makamaka nyengo ya mvula.

Lolemba ndikaona mzere wosachongedwa, ndimadziwa pomwepo buku lasowa ndi amene ali nalo. Sindikalipa. Mwanayo amadikira kaye kubwereka lina, ndipo likafika Lachitatu ndimatuma kakalata kwa makolo kapena agogo ake. Nthawi zambiri bukulo limapezeka kuti mng'ono wake ndiye akulikaniza, akufuna aziona zithunzi. Long'ambika limalowa m'kabokosi kapadera, n'kulimata ndi selotepu tisanaweruke, lisanabwerere m'dengu lake.