Pepala lonse ndi 100, ngakhale likhale la malikisi 40

Usiku wathawu ndagona mtima uli m'malo. Nkhani ya maperesenti imene yakhala ikundizunguza mutu kwa zaka ziwiri yandilowa tsopano, ndipo ndikulemba lero lomwe kuopa kuti ingandipulumukenso.

Fomula ndinali kuidziwa, monga mmene inunso mukuidziwira: malikisi amene wapeza, kugawa ndi malikisi onse, kuchulukitsa ndi 100. Ndinailoweza kalekale. Vuto linkabwera ndikakhala pa mayeso, wotchi ikuthamanga. Manambala awiri ali patsogolo panga, 27 ndi 40, koma iti ipite pamwamba? Dzanja langa linkathamangira kuika yaikulu pamwamba, chifukwa chiyambire kuphunzira kugawa tinazolowera kuti chachikulu ndicho chimagawidwa. Tsiku lina ndinalembadi 40 ÷ 27 × 100, yankho n'kutuluka 148, ine n'kujambula mzere pansi pake n'kupita pa funso lina. Sizinandidabwitse n'komwe kuti munthu wolakwa mafunso ena wapeza zoposa pepala lonse. Nambalayo sinkatanthauza kanthu kwa ine, inali chabe chinthu chotuluka kumapeto kwa fomula.

Amene wanditsegula m'maso ndi mnzanga wina wa m'kalasi. Tinali kuyang'ana pepala langa lina limene ndinapezapo 27 pa 40, iye n'kundifunsa kuti, "Iwe, ukanakhoza mafunso onse, ukanapeza maperesenti angati?" Ndinati 100. "Ndiye malikisi 40 amenewa ndiwo 100 wako," iye anatero. "Tandiuza tsopano, malikisi amodzi ndi maperesenti angati?"

Ndinakhala chete kaye. Ngati malikisi 40 akugawana maperesenti 100, aliwonse atenga 100 ÷ 40, amene ndi 2.5. Malikisi alionse pa pepala limenelo akulemera maperesenti awiri ndi theka. Ine ndinapeza 27, ndiye 27 kawiri ndi 54, theka la 27 ndi 13.5, kuphatikiza ndi 67.5. Ndinachipeza ndi mutu, osagwira cholembera. Ndipo funso lija lakuti iti ipite pamwamba silinabwere n'komwe, chifukwa palibe amene angaganize kuti malikisi 27 ndiwo pepala lonse.

Mfundo yonse ndi yomweyo: chinthu chathunthu ndicho 100. Osati nambala yaikulu, osati nambala yoyamba kutchulidwa m'funso, koma chimene ukuyezerapo. Pepala la malikisi 40 ndi 100. Pepala la malikisi 25 nalonso ndi 100, kungoti malikisi ake ndi olemera, aliwonse maperesenti 4. La 20, aliwonse 5. La 50, aliwonse 2. La 200, aliwonse theka chabe la peresenti. N'chifukwa chake kutaya malikisi atatu pa pepala la 20 kumapweteka, maperesenti 15 apita, pomwe kutaya atatu omwewo pa pepala la 200 ndi peresenti imodzi ndi theka basi. Zimenezi ndinkaziona zikuchitika pa mapepala anga koma sindinkadziwa chifukwa chake.

Ine ndikuona kuti njira imeneyi ikuposa fomula kutalitali, ndipo bwenzi aliyense akuyamba kuphunzira imeneyi. Imakupatsanso poyang'anira yankho usanawerengere. Theka la 40 ndi 20, amene ndi maperesenti 50. Makota atatu ndi 30, maperesenti 75. Nambala 27 ili pakati pa 20 ndi 30, chakufupi ndi 30, ndiye yankho liyenera kugwera pakati pa 50 ndi 75, chakumtunda. Ukapeza 67.5 mtima umavomera. Ukapeza 148 kapena 6.75, ukudziwiratu kuti dzanja lasokonekera penapake.

Kenako ndinakumbukira chinthu china chimene ndinadandaula nacho teremu yatha. Phunziro lina tinalemba mapepala awiri. Loyamba ndinapeza 18 pa 20, maperesenti 90. Lachiwiri ndinapeza 40 pa 80, maperesenti 50. Ndinaphatikiza 90 ndi 50, kugawa pawiri, n'kumayembekezera 70. Zotsatira zitabwera panalembedwa 58, ndipo ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti andibera. Dzulo ndinatulutsanso mapepala aja. Malikisi onse pamodzi ndi 20 kuphatikiza 80, amene ndi 100, ndipo anga ndi 18 kuphatikiza 40, amene ndi 58. Palibe anandibera. Maperesenti 90 aja anali a kapepala kakang'ono, 50 aja anali a pepala lalikulu kanayi, ndiye sungawasakanize ngati kuti akuyezedwa pa chinthu chimodzi. Avereji ya maperesenti awiri imagwira pokhapokha mapepalawo ali ndi malikisi ofanana, kapena ngati opereka mayeso ananeneratu kuti mapepala onse awiri aziwerengedwa mofanana. Kupanda apo, uyambe wafunsa kuti chathunthu chatsopano ndi chiti.

Apa ndiye pamandiwawa ndikaganiza. Aphunzitsi athu analemba fomula pa bolodi, anapereka zitsanzo ziwiri, zonse za mapepala a malikisi 50, n'kutipatsa mafunso khumi ofanana nawo. Pofika tsiku lachitatu tinali tili pa mutu wina. Wina atafunsa kuti 100 ameneyu akuchokera kuti, anangoti, "Ndi mmene peresenti imapezekera, lembani." Sindikuti sadziwa, ayi, amadziwa bwino lomwe, ndipo silabasi imawathamangitsa iwonso. Koma funso la mnzanga lija silinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Mphindi imodzi imeneyo inasowa bwanji pa zaka ziwiri zonse? Ndipo ineyo ndi mitu ingati ina imene ndikuinyamula chonchi, fomula ili m'mutu koma tanthauzo mulibe, mayeso ali pakhomo?

Pali pamene njira yangayi inandipunthwitsa, ndinene zoona. Ndinayesa 45 pa 60. Kugawa 100 ndi 60 kumapereka 1.666, masikisi osatha. Ndinafupikitsa kukhala 1.7, kuchulukitsa ndi 45, n'kupeza 76.5. Koma 45 ndi makota atatu a 60 enieni, yankho liyenera kukhala 75. Kachidutswa kamene ndinawonjezera pofupikitsa kanachulukitsidwanso ka 45, n'kukula mpaka peresenti imodzi ndi theka, yokwanira kusuntha munthu giredi. Ndinaikonza potenga malikisi m'magulu: ngati 60 ndi 100, ndiye malikisi 6 ndi maperesenti 10, malikisi atatu ndi maperesenti 5. Mu 45 muli magulu 15 a atatuatatu, ndipo 15 × 5 ndi 75. Yatheka, njira sinafe.

Koma nditafika pa 47 pa 70 ndinaima. Malikisi 7 ndi maperesenti 10, ndiye 42 ndi 60, nanga asanu otsalawo? Pamapeto pake ndinachulukitsa 47 ndi 100 kaye, n'kugawa 4700 ndi 70, n'kupeza 67.1 ndi timanambala tina totsatira. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ndabwerera ku fomula ya aphunzitsi ija, kungoti ulendo uno ndinkadziwa chifukwa chimene 70 ali pansi. Ndiye kaya njira yanga ndi njira inadi, kaya ndi fomula yomweyo yongoyambira kumbuyo, sindinatsimikize. Sindikudziwanso kuti tsiku la mayeso, funso likadzabwera lopanda mawu oti malikisi, loti nambala iyi ndi maperesenti angati a iyo, ndidzachizindikira msanga chathunthucho kapena dzanja lidzathamangiranso yaikulu ija. Mawa ndiyesa mafunso a mtundu umenewo ndione.