Chimene khofi wa azakhali anandiphunzitsa za mkaka wa soya

Azakhali anga kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, mkaka wa ng'ombe umawatsegula m'mimba, ndiye timamwa wa soya. Mu tiyi umalowa bwinobwino. Koma Loweruka nditawathirira mu khofi wa ku Chipinge, timibulu toyera tinayandama pamwamba ngati chambiko.

"Mwanawe, wandipatsa mkaka wosasa?"

"Ayi azakhali, ndatsegula lero lomwe."

Sanandikhulupirire. Mwamwayi sabata yomweyo m'kalasi tinkaphunzira za mapuloteni, ndiye ndinakafufuza m'makope.

Nkhani yagona pa asidi. Asidi timamuyeza ndi pH: nambala ikamatsika, ndiye kuti asidi akuchuluka. Mkaka wa soya uli pafupi ndi pH 7, ndipo pamenepo timapuloteni take timakankhana, n'chifukwa chake timamwazikana m'madzi osakhazikika pansi. Asidi akachuluka, pH n'kutsikira cha ku 4.5, kukankhanako kumatha, timayamba kugwirana. Khofi wakuda amakhala cha pa pH 5. Sanafike penipeni, koma wayandikira, ndiye kutentha n'kumene kumamalizitsa: kumamasula mapuloteni aja, amakolana msanga. Ndinaseka nditazindikira kuti tofu, chakudya cha soya chooneka ngati tchizi, amapangidwa chimodzimodzi, kutenthetsa mkaka wa soya n'kuthiramo chouumbitsa. Azakhali ndinawapangira tofu m'kapu!

Lamulungu ndinayala makapu atatu, iliyonse masupuni atatu a mkaka. Yoyamba ndinachita monga mwa masiku onse: khofi wongophulidwa kumene, mkaka wozizira pamwamba. Kuno ku Harare madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95 poti tili pamtunda, komabe ndi moto wokwanira. Timibulu tinatuluka ndisanatakase n'komwe. Dontho loyamba lija limagwera m'nyanja ya asidi wotentha, lilibe pothawira.

Yachiwiri ndinayamba ndi mkaka, nditaufunditsa pang'ono, kenako khofi amene anakhala mphindi zitatu ndinamuthira pang'onopang'ono uku ndikutakasa. Inatuluka yosalala. Apa asidi amabwera mochepa, mkaka n'kumamugonjetsa asanachuluke. Njira imeneyi ndi imene ndaikonda, poti siilira kugula kanthu. Kungoti musamusiye khofi ola lathunthu mufulasiki, amawonjeza kuwawasa.

Yachitatu ndinatsina soda, yemwe uja timaphikira therere, n'kuponya mu khofi mkaka usanalowe. Zinatheka, koma dzanja linalemera, khofi ankamveka sopo. Makampani amachita zofanana nazo mwaukadaulo: mkaka wopangidwira khofi amathiramo mchere wa fosifeti woletsa pH kutsika.

Mkaka wopangidwa ndi mbewu ya otsi suvuta kwambiri chifukwa mapuloteni ake ndi ochepa, pafupifupi galamu imodzi pa mamililita 100, pamene wa soya uli ndi atatu. Khofi wokazingidwa mpaka kuda nayenso asidi wake ndi wochepa.

Nanga mungadziwe bwanji ngati mkakawo wawonongekadi? Nunkhizani, kenako thirani pang'ono m'madzi otentha opanda khofi. Ukachita mibulu mmenemo, tayani. Wathu sunachite, ndipo azakhali anamwa kapu yachiwiri ija, yasoda anandisiyira ndekha.