Ntchito yathu yokonza manambala a foni

Bizinesi yathu anthu amaseka tikawauza, eti timangokonza manambala a foni basi. Tinayamba awiri, ine ndi mchemwali wanga, titaona kuti amabizinesi ambiri ali ndi manambala a makasitomala ambirimbiri koma akati atumize meseji kwa onse nthawi imodzi ena salandira pomwe ena amalandira kawiri, chifukwa aliyense analemba nambala m'mene mutu wake unamuuzira.

Mwachitsanzo fayilo ikhoza kubwera ndi nambala imodzi ya ku Britain italembedwa chonchi:

```
07700 900123
07700-900-123
0044 7700 900123
+44 (0)7700 900123
7700900123
```

Kwa kompyuta amenewa ndi anthu asanu, koma ndi munthu mmodzi yemweyo. Ife zonsezi timazisandutsa +447700900123, motsatira kalembedwe kotchedwa E.164, ndiye kuti + kutsogolo, kenako kodi ya dziko, kenako nambala, popanda mpata kapena kamzere, ndipo madijiti onse asapitirire 15.

Kuchotsa mipata ndi timizere nkosavuta, mu Excel ndi fomula imodzi yokha:

```
=SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(A2," ",""),"-","")
```

Pamene timadyera ife ndi pa ziro. Ziro wakutsogolo uja m'maiko ambiri amagwira ntchito ukamaimba uli m'dziko momwemo, ndiye ukaika kodi ya dziko amayenera kuchoka, n'chifukwa chake (0) uja timamuchotsa kaye tisanakhudze mabulaketi, apo ayi mutsala ndi +4407700 ndipo nambala yatalika ndi dijiti imodzi. 00 wakutsogolo ndi nkhani ina, ameneyo amangosanduka +. Koma musamangodula ziro aliyense mwamuona, manambala a foni zapansi ku Italy amasunga ziro wawo ngakhale pambuyo pa +39.

Nambala yachisanu ija ilibe ziro ilibenso kodi, kawirikawiri chimachitika nchakuti Excel yaitenga ngati chiwerengero nkumeza ziro. Choopsa kwambiri ndi mukaona Excel yafupikitsa nambala yaitali nkukhala 4.47701E+11, fayilo ikasungidwa ngati CSV ili choncho madijiti akumapeto apita basi, sitingawabweze ngakhale mutatilipira kawiri, timangopempha fayilo yoyambirira nkuitsegula kolamu ya manambala ili pa Text.

Nanga nambala yopanda kodi timadziwa bwanji dziko lake? Sitiganizira ayi. Timafunsa mwini fayilo kuti makasitomala ake ambiri ali dziko liti, kenako timaona ngati kutalika ndi chiyambi cha nambala zikugwirizana ndi za dzikolo, pulogalamu ya Google yoonera manambala a foni yotchedwa libphonenumber imatithandiza pamenepa. Yomwe yakana timaiika papepala lapadera, ndipo kolamu yakale timaisiya pambali pa yatsopano kuti mwiniwake afananize yekha.

Kasitomala wina anadandaula kuti tamubwezera manambala ena osakonza, akuti "mungoikapo kodi yathu pa onsewo". Tinakana, nambala yachilendo ukaipachika kodi yolakwika imatha kukhala yeniyeni ya munthu wina, ndiye meseji yokumbutsa ngongole nkukafika kwa amene sakukudziwani nkomwe. Ochepa otsalawo anakafufuza yekha m'malisiti ake.