Penti wa maola atatu

Apongozi anga anaimba Lachinayi kuti abwera Loweruka cha m'ma 4 koloko madzulo. Ine nditayang'ana khoma la pabalaza pathu ku Matawale, lija labuluu lokhala ndi mapazi a nalimata ndi zala za ana, ndinauza mayi akunyumba kuti ndilipaka penti Loweruka lomwelo m'mawa.

"Maola angati?" anafunsa, osadzutsa n'komwe mutu pa lichero.

"Atatu. Ndikayamba 7, pofika 10 ndasamba kale."

"Kuchipinda kuja chaka chatha munati bwanji?"

Ndinati kuchipinda inali nkhani ina, kunali chinyontho. Iwo anangoti "chabwino bambo", chabwino yemwe mwamuna aliyense wokwatira amamudziwa.

Masamu anga sanali opusa ayi. Balaza lathu ndi la mamita 5 mulitali, 4 mulifupi. Ndinadziona m'maganizo ndili ndi lola m'manja, khoma lililonse mphindi 20, makoma anayi ola limodzi ndi theka pamodzi ndi m'makona. Kupaka kawiri, maola atatu. M'chithunzi chimenechi munalibe masofa, munalibe mvula, ndipo penti ankauma ngati malovu pa simenti yotentha.

Loweruka 7 koloko ndinakumana ndi disipuleyi. Musanaisunthe muyenera kutulutsa mbale zonse zaukwati zomwe sitidyerapo, makapu, maluwa apulasitiki, ndi zithunzi za anthu amene ena sindiwadziwa. Sofa wamkulu anakana kutuluka pakhomo lomwe analowera. Pomwe katundu yense amafika pakhonde inali 8:15, chitini cha penti ndisanachitsegule.

Kuseri kwa disipuleyi ndinapeza penti wakale atatukumuka ngati khungu la munthu wopsa, ndi mng'alu woti chala n'kulowa. Ukapaka pamwamba pa zimenezo, penti watsopano amasendeka limodzi ndi wakale. Ndiye kunali kupala, kukwecha ndi sandipepala, kumata fila. 10 koloko, nthawi yomwe ndinkayenera kukhala nditasamba, inandipeza ndili mbuu ngati wochokera kuchigayo, ndikudikira fila kuti aume. Mu Januwale ku Zomba, phiri litavala chifunga, chinthu sichiuma poti iwe uli pachangu.

Ndinapita kukabwereka makwerero kwa aneba, amene amaphunzitsa ku yunivesite ku Chirunga. Atamva za maola atatu aja anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Achimwene, matenda anuwa ndi akale. Akatswiri awiri, Kahneman ndi Tversky, anawalemba mu 1979. Munthu ukamayeza ntchito umajambula m'mutu momwe iyendere zonse zikayenda bwino, osafunsa kuti ntchito zonga iyo zinatenga nthawi yanji m'mbuyomu."

Kenako anandiuza za kafukufuku wa ku Canada wa mu 1994. Ophunzira a kuyunivesite anafunsidwa kuti pepala lawo lomalizira maphunziro alitsiriza liti. Mayankho awo, pa avereji, anali masiku 34. Atawauza kuti aganize kuti chilichonse chalakwika, anati masiku 49. Ntchito inawatengera masiku oposa 55.

Apa mpomwe panandigwira mtima. Anthu aja anaganiza tsoka lonse lomwe akanatha kuliganiza, koma tsoka lenileni linaposabe. Aneba anati n'chifukwa chakuti zochedwetsa zilipo zambirimbiri, chilichonse pachokha n'chokayikitsa kuti chichitika, koma kuti pasachitike n'chimodzi chomwe n'zosowa. Komanso mwayi ukakugwera umakupulumutsira mphindi khumi, pomwe tsoka limadya tsiku lathunthu.

"Nanga mankhwala ake?"

"Funsani alamu kuti kuchipinda kunatenga masiku angati. Munthu woonera amayeza bwino kuposa mwini ntchito."

Ndinanyamula makwerero osayankha. Ndinkadziwa yankho. Masiku atatu.

Lola anakhudza khoma 12 koloko. Ndipo ndinene pano, podziteteza, kuti kupaka kwenikweniko sindinaphonye kwambiri: makoma atatu ndi theka ndinawamaliza mu ola ndi theka. Ndikanamaliza onse penti akanapanda kutha.

Ndinagula malita 5, poyeza ndi maso. Ndikanayeza ndi tepi ndikanaona izi: kuzungulira balaza ndi mamita 18, kutalika kwa khoma pafupifupi 2.7, ndiye malo opaka ndi masikweya mita 48, kuchotsapo chitseko ndi mawindo atsala cha m'ma 42. Lita imodzi ya penti wamadzi imakwana masikweya mita 8 kapena 10 pa khoma losalala. Kupaka kawiri kumafuna malita 10, ndipo buluu uja ankasuzumirabe pansi pa kirimu ngati akundiseka. Pachitini panalembedwanso kuti udikire maola anayi usanapake kachiwiri. Ndinawerenga mawu amenewa chitini chitatha.

1:30 ndinakwera kabaza kupita mtauni, ndikuuza mayi kuti mphindi 30 ndabwera. Hadiweya yoyamba inalibe mtundu wanga. Yachiwiri inali nawo, koma netiweki yolipirira pafoni inali itathawa. Itabwera netiweki, kunabweranso mvula, ija ya ku Zomba yotsika m'phiri ngati wina wagubuduza mgolo. Ndinaima pakhonde la sitolo ndi chitini m'manja, ndikuganiza za masofa anga pakhonde la kwathu.

Ndinafika 3:20. Masofa sanali pakhonde. Mayi anawalowetsa pothawa mvula, n'kuwakankhira kukhoma monga mwa masiku onse. Ndipo pa sofa wamkulu panali apongozi aamuna, atavala jekete yawo yakuda ya kutchalitchi, mutu ndi mapewa atatsamira khoma bwinobwino, akumwa tiyi. M'Malawi monse muno munthu mmodzi yekha amene amati 4 koloko n'kufika 2:30 ndi amene ndinakwatira mwana wake.

Ndinagwada, chitini pambali.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Tayenda bwino, kaya inu mkamwini. Nyumba ikununkhira chitukuko."

Atawerama kuti aike kapu pansi, khoma linalira kuti nyaa. Pamsana pa jekete panali mzere wakirimu kuchoka phewa ili kufika phewa ilo, ndipo kunkhongo kwawo imvi zinali zitawonjezeka. Pakhoma panatsala chithunzi cha mutu wawo, chabuluu. Apongozi aakazi anaona, anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa okha akugwedezeka. Palibe analankhula. Mkamwini umayamba bwanji kuuza apongozi kuti tavulani jekete?

Anawauza ndi mdzukulu wawo. "Agogo asanduka mbidzi!"

Penti wamadzi amachoka akadali wamuwisi, choncho madzulo onse ndinali kuseri kwa nyumba ndi beseni, kuchapa jekete ya apongozi, aneba akundiwerengera maola pamwamba pa mpanda. Lamulungu kunali kutchalitchi, apongozi atavala jekete yanga yomwe manja ake anawalekeza m'zigongono. Kupaka kachiwiri ndinapaka Lolemba nditaweruka, ndipo disipuleyi inabwerera pamalo pake Lachiwiri usiku.

Mayi anandiululira kuti iwo anasiya kalekale kumvera manambala anga osawakonza. Ndikati ola, amamva maola atatu. Ndikatchula ntchito yofuna kuuma kapena kupita mtauni, amasintha maola kukhala masiku. Akuti pa zaka 11 njira imeneyi sinawagwiritsepo fuwa lamoto.

Usiku womwewo tili kuchipinda ndinanong'ona kuti, "Paja bambo anati agona masiku awiri. Lero ndi tsiku lawo lachinayi."

"Ulendo watha anati tsiku limodzi."

"Anakhala angati?"

"Asanu ndi anayi."

Ndinayamba kuchulukitsa mumdima, kenako ndinadzuka kukaona ufa wotsala m'thumba.