Masamu a pampu ya pamjigo: kuwakonza kuti agwire ntchito pamalo ena

Pofuna kuika mu Excel masamu opezera mphamvu ya pampu, ndimayambira pa masamu omwe ndawerengetsa kale papepala n'kutsimikiza yankho lake. Nachi chitsanzo cha mjigo wa ku Area 25: tikufuna madzi 3 m³/h, pampu ikamakoka madzi amatsika mamita 32, pakamwa pa thanki pali pa mamita 8 kuchokera pansi, ndipo paipi ndi yotalika mamita 50. Titatenga eta = 0.5, kutanthauza kuti theka lokha la mphamvu yolowa m'pampu ndilo limakweza madzi, yankho linali mawati 741, choncho pampu ya 0.75 kW ikukwanira.

Ndikatsegula Excel, ndimadutsa papepalapo nambala ndi nambala n'kumafunsa kuti iyi yachokera kuti. Zoyeza pamalopo ndimaziika pamwamba, m'timabokosi tachikasu, ndipo ndi tokhato timene munthu amaloledwa kulembamo. Zosasintha, monga mphamvu yokokera zinthu pansi, g = 9.81, ndi kulemera kwa madzi, rho = 1000, zimapita pazokha. Nambala iliyonse imakhala ndi yuniti yake pambali, komanso dzina, kuti fomula iziwerengeka:

```
Q  = Q_m3h/3600
D  = D_mm/1000
v  = Q/(PI()*D^2/4)
hf = f*(L/D)*v^2/(2*g)
H  = h_madzi + h_thanki + hf
P  = rho*g*Q*H/eta
```

Mizere iwiri yoyambayo ntchito yake n'kusintha mayuniti basi, kuti m'munsimo musapezekenso 3600 wobisala.

Pofunika kudekha ndi pa hf, mphamvu imene madzi amataya pokhulana ndi paipi. Papepala ambiri amangolemba mamita 5 n'kupitirira. Koma 5 ameneyo ndi wa paipi iyi ndi madzi awa okha. Mukafuna 6 m³/h m'paipi yomweyo, amafika cha m'ma 21, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri, hf imawirikiza pafupifupi kanayi. N'chifukwa chake ndimaisandutsa fomula. Paipi nayonso imapusitsa: imene ku sitolo amati ya 32 amayeza kunja, pomwe mkati mwake ndi mamilimita pafupifupi 26, malinga ndi kuchindikala kwake. Ndi 26 komanso nambala ya kukhulana f = 0.022, hf ndi mamita 5.3, mukalemba 32 imatsika kufika 1.9, ndipo palibe chimene chimaoneka cholakwika. Ndiye kabokosiko ndimakalemba kuti "m'mimba mwa paipi, MKATI".

Kenako ndimaika alonda. Ngati eta yaposa 1, pamatuluka chenjezo, poti wolemba 50 m'malo mwa 0.5 amapeza mawati 7. Ngati liwiro la madzi, v, ladutsa 2 m/s, chimodzimodzi. Pa h_madzi ndimalembapo kuti ayeze pampu ikukoka, makamaka mu Okutobala madzi atatsika, osati mu Febuluwale mvula ili mkati.

Pomaliza ndimalowetsanso nambala za ku Area 25 zija. Ikapanda kutuluka 741, ndimayerekeza mzere ndi mzere ndi pepala lija. Ikatuluka, ndimasunga chitsanzocho patsamba lachiwiri, n'kukhoma timabokosi ta mafomula.